Kuchokera pafoni kukafika kubwalo: mmene uthenga wosakaniza ziyankhulo umasandukira kalata

M'madoko a m'boma la Salima, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay, Lifuwu mpaka ku Chikombe, nkhani zambiri za usodzi masiku ano zimayamba kuyenda pafoni. Wapampando wa komiti ya padoko amajambula mawu ake n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo mawuwo amatuluka monga momwe anthu amayankhulira tsiku ndi tsiku: Chichewa chodzaza ndi zidutswa za Chingerezi. Pakati pa anthu odziwana, palibe chovuta. Vuto limadza pamene uthenga womwewo ukuyenera kulembedwa papepala, kusainidwa ndi kukawerengedwa pamaso pa mfumu.

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya mlembi pamenepa ndi kungochotsa mawu a Chingerezi n'kuikapo a Chichewa. Zoona zake n'zakuti kusintha mawu ndi gawo laling'ono chabe. Mawu a Chingerezi oponyedwa m'chiganizo cha Chichewa kawirikawiri amaphimba mfundo yomwe woyankhulayo sadaimalize kuiganizira, ndipo mlembi akangofuna mawu a Chichewa olowa m'malo mwake, mfundo yobisikayo imaonekera poyera. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni.

Uthenga monga udafikira

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Wapampando wa komiti ya padoko lina m'bomali watumizira mlembi wake uthenga wamawu Lachitatu pa 12 Novembala. Mawu a Chingerezi alembedwa pano monga amamvekera m'kamwa mwa woyankhula:

"Achimwene, tadirafitani kalata kwa a Gulupu. Pa mitingi ija tadisikasa ishu ya ma gaizi aja. Akuyuza neti za udzudzu, pulasi akufishinga mu kolozidi sizoni. So takonifisiketa ma giya awo, bati wina akurifyuza. Tamusasipenda, faini yake fifite. A Gulupu abwere nekisti Fulaide moningi tidzasote. Muwakopenso a fisharizi."

Mlembi amene adali pamsonkhanopo akhoza kumva zonse. Koma kalata siipita kwa mlembi. Ikupita kwa mfumu yomwe padalibe, ikawerengedwa mokweza pamaso pa nduna ndi oimbidwa mlandu, ndipo ikasungidwa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, wina akadzadandaula kuti adamulanda ukonde mopanda chilungamo, chomwe chidzayankhule ndi pepalalo.

Choyamba: kalatayi ikupita kwa yani?

Asadagwire cholembera, mlembi amayamba wasankha chiyankhulo chimodzi, ndipo chosankhacho chimachokera kwa wolandira. Chiyambire chaka cha 1968, pamene Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chingerezi chidakhalabe cha ntchito za boma, Amalawi akhala ndi makomo awiri. Zolemba za m'makhoti ndi malipoti a m'maofesi zimasungidwa m'Chingerezi, pomwe bwalo la mfumu limayenda m'chiyankhulo chomwe anthu a m'deralo amamva. Kalata ya kwa gulupu, yomwe ikawerengedwe pagulu, ikuyenera kukhala ya Chichewa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kusankha chiyankhulo kumabwera pamodzi ndi kusankha mlingo wa ulemu. Wapampando poyankhula ndi mnzake adati "A Gulupu abwere". M'kalata, mawu amenewa ndi lamulo, ndipo komiti siilamula mfumu. Mlembi amawatembenuza kukhala pempho: "Tikupempha kuti mutipatse mpata wodzaonekera pamaso panu." Momwemonso "ma gaizi aja" sangakhale "anyamata aja", chifukwa ena mwa asodziwo akhoza kukhala akuluakulu a mabanja awo, ndipo kuwatchula anyamata pagulu n'kuwanyoza mlandu usadayambe. Mawu oyenera ndi "asodzi", otsatana ndi chiwerengero ndi maina awo.

Mitundu itatu ya mawu obwereka

Si mawu onse ochokera ku Chingerezi amene ayenera kuchoka. Mlembi waluso amawagawa patatu.

Gulu loyamba ndi la mawu amene adakhazikika kale m'Chichewa, monga komiti, lipoti, injini, foni, sukulu ndi neti. Awa amatsatira malamulo a Chichewa ngati mawu ena onse: anthu amati "komiti yathu", "lipoti lathu", "injini yawonongeka". Agogo amene sadapiteko kusukulu amawamva bwinobwino. Kuwachotsa n'kudzivutitsa chabe, ndipo nthawi zina kumasokoneza. Wolemba "makina oyendetsera bwato" pofuna kuthawa mawu oti injini amachititsa womvera kuima kaye n'kumaganiza, pomwe msodzi aliyense wa ku Senga Bay amangoti injini.

Gulu lachiwiri ndi la mawu ongodutsa, amene alibe katundu aliyense: "so", "bati", "pulasi", "mitingi", "kudisikasa", "kuyuza". Awa ali ndi anzawo a Chichewa odziwika kwa aliyense: choncho, koma, komanso, msonkhano, kukambirana, kugwiritsa ntchito. Amasinthidwa mosataya nthawi, ndipo tanthauzo silisuntha.

Gulu lachitatu ndi limene limafuna kudekha. Awa ndi mawu onyamula chigamulo, ndalama, nthawi kapena mlandu. Mu uthenga wa wapampando muja alimo asanu ndi awiri: "giya", "kukonifisiketa", "kurifyuza", "kusasipenda", "faini", "kolozidi sizoni" ndi "kusota". Lililonse mwa mawu amenewa lili ndi matanthauzo awiri kapena atatu m'Chichewa, ndipo mlembi sangasankhe yekha. Ayenera kubwerera kwa mwini uthenga kukafunsa.

Mafunso amene Chichewa chimakakamiza

Mawu oti "giya" amakuta chilichonse chimene msodzi amanyamula: ukonde, bwato, nyali, nkhafi ngakhale injini. Chichewa cha padoko sichiyenda choncho. Chimasiyanitsa chilimira, khoka ndi matchera, ndipo mtengo wa chilichonse ndi wosiyana kutalitali. Kalata yonena kuti "talanda zida zawo" ingachititse mfumu kuganiza kuti mabwato ndi mainjini ali m'manja mwa komiti. Mlembi atafunsa, wapampando akufotokoza kuti nkhani ndi ya maukonde osokedwa ndi neti zotetezera udzudzu, kuti asodziwo ndi atatu, ndipo kuti maukonde amene ali m'manja mwa komiti ndi awiri okha.

Yankho limeneli likumasuliranso "akurifyuza". Munthu akhoza kukana mlandu, kukana kulipira kapena kukana kupereka ukonde, ndipo zitatuzi n'zosiyana pabwalo. Apa msodzi wachitatuyo wakana kupereka ukonde wake. Mlembi akadangolemba kuti "wina akukana", womvera aliyense akadadzaza yekha mpatawo ndi zomwe akuganiza.

"Kukonifisiketa" nakonso kuli ndi nkhope ziwiri. Kulanda kumamveka ngati nkhani yatha ndipo mwini katundu asayembekezerenso kanthu. Kusunga podikira chigamulo kumasonyeza kuti mlandu udakali panjira. Lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira usodzi, ndipo makomiti a m'madoko amagwira ntchito limodzi ndi mafumu komanso alangizi a boma. Pachifukwachi, kalata ya komiti isadzipatse mphamvu zoposa zomwe malamulo a padokopo adaipatsa. Ngati mlandu sudaweruzidwe, mawu oona ndi "tasunga".

Chimodzimodzi "tamusasipenda". Kodi munthuyo waimitsidwa kupha nsomba, kapena waimitsidwa pa udindo? Kwa nthawi yaitali bwanji? Kuimitsa si kuchotsa, ndipo kumafuna malire. Zikupezeka kuti msodzi wachitatuyo ndi membala wa komiti yomweyo, ndipo anzake amupempha kuti ayambe waima pa udindo wake kufikira mlandu utazengedwa. Mfundo yaikulu chonchi idabisala m'liwu limodzi lobwereka.

Pa "faini yake fifite" pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa chiwerengero. Pakamwa, "fifite" akhoza kukhala K50 kapena K50,000, ndipo oyankhulana amadziwa kuchokera pa nkhani yomwe ali nayo. Papepala ndalama imalembedwa yonse m'manambala. Msampha wotere umapezekanso pa liwu loti "mita", lomwe m'tauni ena amatchulira K1 miliyoni pomwe padoko ndi muyeso wa kutalika kwa ukonde. Msampha wachiwiri ndi wa mtundu wa malipiro. Chindapusa ndi chilango cha wolakwira lamulo. Chipepeso chimapita kwa munthu wolakwiridwa. Ndipo chindapusa chimene komiti ikungoganizira n'chosiyana ndi chimene bwalo lagamula. Mlembi akalemba kuti "tamulipiritsa", waweruza mlandu mfumu isadaumve.

Nyengo iti yotseka?

M'boma la Salima, mawu oti "kolozidi sizoni" sangamasuliridwe mwachisawawa, chifukwa kuno kuli kutseka kwa mitundu iwiri. Pali nyengo yomwe boma limaletsa mitundu ina ya maukonde pa nyanja ya Malawi, kuyambira mu Novembala, pofuna kuti nsomba monga chambo ziswane. Palinso kutseka kwa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, komwe chiyambire zaka za m'ma 1950 usodzi umayendetsedwa ndi malamulo a mfumu. Kumeneko asodzi amachoka pachilumba mu Disembala n'kubwererako mu Epulo, ndipo mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa.

Kutseka kuwiriku kuli ndi eni ake osiyana, masiku osiyana ndi zilango zosiyana. Msodzi wopezeka panyanja pakati pa Novembala akhoza kukhala atalakwira lamulo la boma koma osalakwira la ku Mbenji, poti chilumbacho chimakhala chisadatsekedwe. Kalata yongoti "nyengo yotseka" imasiya khomo loti woimbidwa mlandu afunse kuti, "Yotseka ndani?" Mlembi amalemba mwatchutchutchu: "nyengo ino yomwe boma latseka nyanja".

Tsiku, nthawi ndi liwu lachinyengo

Uthenga udatumizidwa Lachitatu pa 12 Novembala. "Nekisti Fulaide" kwa ena ndi Lachisanu la mkuja, pa 14, pomwe kwa ena ndi la sabata yamawa, pa 21. Kumasulira kuti "Lachisanu likubwerali" sikuthetsa vutoli, makamaka poti kalata ikhoza kufika mochedwa. Njira yake ndi kulemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti lake. "Moningi" nayenso ndi wotakata: kwa msodzi wa usipa amene wagona panyanja ndi nyali, m'mawa ndi nthawi yokocheza ndi kugulitsa nsomba, osati yokhala pabwalo. Ola liyenera kutchulidwa.

Liwu loopsa kwambiri mu uthenga wonsewu ndi limene likuoneka ngati Chichewa kale: "muwakopenso". Wapampando akutanthauza kuti mlangizi wa za usodzi alandire nawo kalatayo. Koma m'Chichewa, kukopa munthu ndi kumunyengerera kuti akhale mbali yako. Chiganizo choti "tawakopa a zausodzi" chikawerengedwa pabwalo, oimbidwa mlandu akhoza kumva kuti komiti yagwirizana kale ndi mlangizi mseri. Mawu otere, amene Chingerezi chake chimafanana ndi liwu lina la Chichewa, ndi amene amapulumuka mlembi akamasesa, chifukwa diso siliwaona ngati achilendo.

Kalata yomalizidwa

Mafunso onse atayankhidwa, mlembi amatsata dongosolo la kalata yantchito lomwe limaphunzitsidwa kusukulu: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu, thunthu ndi mawu otsiriza. Thunthu lake likhoza kukhala lotere:

"Wolemekezeka a Gulupu,

PEMPHO LOTI MUMVE NKHANI YA ASODZI ATATU

Ife a komiti ya padoko tikukudziwitsani kuti pamsonkhano wathu wa Lachiwiri pa 11 Novembala tidakambirana za asodzi atatu amene maina awo talemba m'munsimu. Asodziwa akuganiziridwa kuti akhala akupha nsomba ndi maukonde osokedwa ndi neti zotetezera udzudzu, m'nyengo ino yomwe boma latseka nyanja.

Awiri mwa iwo adapereka maukonde awo, ndipo komiti yawasunga podikira chigamulo chanu. Wachitatu, yemwe ndi membala wa komiti yathu, adakana kupereka ukonde wake. Tamupempha kuti ayambe waima pa udindo wake kufikira nkhaniyi itatha. Maganizo a komiti ndi akuti, akapezeka wolakwa, apereke chindapusa cha K50,000.

Choncho tikupempha kuti, ngati n'kotheka, mutipatse mpata wodzaonekera pamaso panu Lachisanu pa 21 Novembala nthawi ya 10 koloko m'mawa. Kalata yofanana ndi ino tatumizanso kwa mlangizi wa za usodzi wa dera lino.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti, m'malo mwa wapampando."

Kalatayi ndi yotalika pafupifupi kuwirikiza katatu uthenga woyamba uja. Si kuti Chichewa n'chozungulira. Mawu owonjezerawo ndi mfundo zomwe zidasowa: chiwerengero cha asodzi, mtundu wa ukonde, tsiku la msonkhano, malire a kuimitsidwa ndi mwini chigamulo. Liwu loti "akuganiziridwa" lidalibemo mu uthenga wapafoni, koma ndi limene likuteteza komiti ngati mmodzi mwa atatuwo atapezeka wosalakwa.

Mlembi ali ndi malire akenso. Iye sawonjezera mfundo yomwe mwini uthenga sadavomereze, ndipo safewetsa nkhani mpaka kuisungunula. Ulemu umasintha kavalidwe ka mawu, osati zomwe zidachitika. N'chifukwa chake kalata isadapite, wapampando amayenera kuimva yonse ndi kuvomereza kuti ndi zomwe amatanthauza.

Zizindikiro za kalata yosapsa

Pali zizindikiro zingapo zoonetsa kuti ntchito yathera panjira. Chodziwikiratu ndi "ma" woima payekha kutsogolo kwa liwu lachilendo, monga "ma giya", kapena mneni wa Chingerezi wovekedwa "ku" kutsogolo ndi "a" kumapeto. Chobisika kwambiri ndi chiganizo chomwe mawu ake onse ndi a Chichewa koma mafupa ake ndi a Chingerezi. Wolemba kuti "tikuyang'ana kutsogolo kukumana nanu" kapena "msonkhano udatenga malo Lachiwiri" wamasulira liwu ndi liwu, ndipo womvera amene sadziwa Chingerezi amadabwa kuti malowo adatengedwa kupita nawo kuti. Chichewa chimati "tikuyembekezera kukumana nanu" ndi "msonkhano udachitika Lachiwiri".

Chizindikiro china ndi kusakhazikika. Kalata yoyamba ndi "adapereka" isasinthe pakati n'kuyamba "anapereka". Zonse ziwiri zimamveka m'Malawi, koma wolemba asankhe imodzi. Munthu amene watchulidwa mwaulemu m'ndime yoyamba asasanduke "iye uja" m'ndime yachitatu. Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi: chikayamba ngati chindapusa chisathere ngati chipepeso.

Kalembedwe nakonso kali ndi malamulo ake. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndipo lidawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yake idapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe idayamba mu 1996 ndipo idakonza buku la Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Limodzi mwa malamulo othandiza mlembi ndi la "l" ndi "r": kawirikawiri "r" amabwera pambuyo pa "i" kapena "e", monga mu "kulipira" ndi "kubwera", pomwe "l" amakhala koyambirira kwa liwu ndi pambuyo pa "a", "o" kapena "u", monga mu "lipoti", "kalata" ndi "bwalo". Zidule za pafoni, zodula zilembo pofuna kufulumira, zilibe malo m'kalata.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo: kukometsera mopyola muyeso. Ena akamva kuti kalata ikupita kwa mfumu amaidzaza ndi miyambi ndi mawu akale amene ngakhale iwo eni sawagwiritsa ntchito. M'mphepete mwa nyanja ku Salima mumakhala anthu ambiri oyankhula Chiyao, komanso asodzi Achitonga ochokera kumpoto, amene Chichewa ndi chiyankhulo chokumanirana. Chichewa choyenera pabwalo lotere ndi chaulemu koma chosavuta. Mwambi ukhoza kukometsa zoyankhula za nduna, koma m'kalata ya mlandu umangotsegula mpata wa matanthauzo awiri, chomwe ndi chinthu chimene mlembi wakhala akuchithawa.

Kalata ikamapita ku ofesi

Nkhani yomweyi ikafunika kukafika ku ofesi ya boma ngati lipoti la Chingerezi, njira yake ndi yomweyo, kungoti yatembenuka. Mawu a Chichewa ongodutsa amachoka, koma maina a nsomba ndi zida monga usipa, utaka, chambo ndi chilimira amatsala momwe alili, chifukwa ngakhale malipoti a akatswiri a za usodzi amawalemba choncho. Chofunika n'chakuti makalata awiriwo anene zofanana. Ngati ya Chichewa ikuti maukonde asungidwa pomwe ya Chingerezi ikuti alandidwa, komiti yadzikumbira yokha dzenje. Njira yotetezeka ndi kuyamba kumaliza kalata imodzi, n'kumasulira inayo kuchokera pa yomalizidwayo, osati kuchokera ku uthenga wapafoni.

Muyeso wotsiriza ndi wa khutu. Mlembi amawerengera kalatayo munthu amene padalibe pamsonkhano ndipo sadziwa Chingerezi, kenaka n'kumufunsa mafunso anayi: walakwa ndani, walakwa chiyani, komiti yachitapo chiyani, ndipo mfumu ikupemphedwa chiyani pa tsiku liti. Womverayo akayankha onse anayi osafunsa kuti abwerezeredwe, kalata yapsa. Akakayika pa limodzi, ndiye kuti penapake patsala liwu lomwe lavala Chichewa koma likubisabe mfundo, ndipo ndi bwino kulipeza pakhonde la mlembi kusiyana ndi kukalipeza pabwalo, pamaso pa mwini ukonde.